Bajeti ya mijigo 4 ya kwathu kwa Mkanda, tithandizane

Mlembi: Moni nonse. Fomu ya bungwe lija tikupemphako ndalama zokonzera mijigo ili ndi gawo loti tifotokoze mzere uliwonse wa bajeti, ndiye ine ndalemba chonchi: mapaipi 60 K1,800,000, maphunziro a makomiti K480,000, thiransipoti K700,000, zina ndi zina K300,000. Kutsogolo kwa uliwonse ndangoika kuti ndi zofunika pokonza mijigo. Zikukwana kapena?

Achimwene aku Joni: Onjezanipo mmene azimayi akuvutikira, akumadzuka usiku kukatunga kudambo, ana kutsegula m'mimba, azungu akamva zimenezo amapereka msanga.

Msungichuma: Achimwene zimenezo zili kale kumayambiriro kwa pempho, apa si malo ake. Gawo ili amawerenga ndi munthu wa zachuma ali ndi kakyuleta pambali, iye akufuna kuona zitatu basi: nambalayi mwaipeza bwanji, mtengo wakuuzani ndani, ndipo chinthucho chikagwira ntchito iti mwa zimene talonjeza. Alembi ndiyambe ndi mapaipiwo, 60 yachokera kuti?

Mlembi: Ndinangoti 15 pa mjigo uliwonse kuti asatiperewere.

Msungichuma: Apo ndiye atigwira. Mijigo yathu ndi ya Afridev, paipi iliyonse ndi pafupifupi mamita 3, ndiye mapaipi amatengera kuti silinda yakhala pansi bwanji. Amakaniko atazula anapeza kuti wa kusukulu ndi wa kutchalitchi uli ndi mapaipi 10 uliwonse, wa kumsika 8, wa kumtunda kuja 12. Onse ndi 40. Ndiye tilembe motere: "Mapaipi 40 pa K30,000 iliyonse, K1,200,000. Chiwerengerochi chachokera pa kuzula kumene anachita makaniko wa m'dera (10, 10, 8 ndi 12). Mtengo ndi wa pa kotesheni ya sitolo ya ku Lilongwe imene taphatikiza." Munthu akawerenga atha kuchulukitsa yekha n'kupeza zomwezo. Koma 60 akafunsa kuti 20 enawo alowa pati tiyankha chani, adzangoti tikufuna kukagulitsa.

Aphunzitsi opuma: Ine ndikudziwa kuti lamulo lake ndi makotesheni atatu pa chilichonse, ngakhale sopo. Popanda zimenezo pempho amalitaya osaliwerenga.

Msungichuma: Aphunzitsi pa mapaipi mukunena zoona, atatu ndi abwino chifukwa ndi ndalama yaikulu. Koma si lamulo la mabungwe onse, aliyense ali ndi malire ake ndipo ambiri amafuna atatuwo nthawi yogula osati yopempha. Tione zimene fomu yathuyi ikunena. Chimene ndikuopa ine ndi china, kotesheni imene Alembi anatumiza ija sikuonetsa ngati msonkho wa VAT uli momwemo. Ngati mulibe ndiye K30,000 ija si mtengo weniweni, tsiku logula adzationjezera ndipo ya pamwambayo tidzasonkha tokha muno. Afunseni a kusitolowo alembe poyera, komanso aike kuti mtengowo ugwira mpaka liti.

Mayi aku Area 25: Mwanenadi. Ife kumpingo tinapemphapo za denga la kalasi, tinalemba malata bwinobwino koma misomali, mitengo ya denga ndi kalipentala osaika, ndalama itabwera malata anakhala m'ofesi mpaka dzinja kudutsa kikiki. Apanso ndikuona mapaipi okha, nanga guluu wolumikizira, ndodo zija zachitsulo, timarabala ta mu silinda, simenti ya pamene pasweka pothira madzi paja? Ndipo amakaniko agwira ulere?

Mlembi: Zimenezo ndi zimene ndinaziika mu zina ndi zina amayi.

Msungichuma: Zituluke mmenemo, chilichonse chikhale ndi mzere wake. Mzere wa zina ndi zina ndi umene amayamba kudula chifukwa palibe angaufotokoze. Simenti tinene matumba angati pa mjigo uti, amakaniko masiku angati pa mtengo wanji patsiku. Pa maphunziro masamu anu ali bwino, makomiti 4 a anthu 10 ndi anthu 40, masiku 2, chakudya K6,000 munthu patsiku, ikukwanadi K480,000. Koma tsegulani tsamba la ntchito zimene tichite, pamenepo talemba kuti maphunziro ndi a masiku 3. Wowerenga amaika masamba awiriwo pambalipambali, akaona 3 uku 2 uko amayamba kukayika mizere ina yonse ngakhale yolondola. Tisankhe chimodzi, ngati ndi masiku 3 ndiye K720,000. Komanso wophunzitsa sakuoneka paliponse, wa ku ofesi ya zamadzi kuboma sangabwere wapansi.

Wachinyamata wa ku Kamwendo: Nde alawansi ya ophunzirawo ili pati? Anthu sabwera ngati kulibe kenakake, tisanamizane.

Aphunzitsi opuma: Mjigo ndi wawo womwe, alipidwenso kuti aphunzire kuusamala? Nsima ndi ndiwo zakwana.

Wachinyamata wa ku Kamwendo: Bambo mukaika maphunzirowo nthawi yopalira kapena yokolola fodya mudzaphunzitsa mipando.

Msungichuma: Zimenezo gwirizanani, ine changa n'chakuti mukaiika ilembedwe dzina lake lenileni ndi chifukwa chake, osaibisa mu chakudya. Tsopano thiransipoti. Lole yonyamula katundu kuchoka ku Lilongwe kudzera pa boma mpaka kwa Mkanda ulendo umodzi anatiuza K350,000. Amakaniko pa kabaza wa njinga yamoto, mijigo 4, maulendo 3 uliwonse, kukazula, kukamanga ndi kukaonanso patatha mwezi, K10,000 kupita ndi kubwera, ndi K120,000. Zonse K470,000. K230,000 yotsalayo ndi ya chani?

Wapampando: Imeneyo ndinawauza ndine kuti aiponye mmenemo. Mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, zinthu m'masitolo zinasintha mitengo sabata yomweyo. Ife tikupempha lero ndalama idzabwera patapita miyezi, mapaipi sadzatidikira pa K30,000.

Msungichuma: Nkhawa yanu ndi yoona a Wapampando koma malo mwaibisawo ndi olakwika. Pomaliza adzafuna malisiti mzere ndi mzere, thiransipoti tidzakhala ndi a K470,000 okha, ndipo kusuntha ndalama kuchoka mzere wina kupita wina nthawi zambiri amafuna uyambe wapempha chilolezo polemba. Bola tiike mzere wake poyera, wa kukwera kwa mitengo, tinene kuti ndi 10 peresenti ya katundu wogula yekha, pa mapaipi ndi K120,000, ndipo tidzaigwiritsa ntchito pokhapokha titaonetsa kotesheni yatsopano, ikatsala tibweza.

Wapampando: Nanga akakana mzere umenewo? Ena salola. Tikatero tataya zonse pamene tikanangokhala chete bwenzi ilipo.

Mayi aku Area 25: Ingowaimbirani mufunse, nambala ili pa fomupo. Komanso mchenga, miyala ndi njerwa zimene anthu akumudzi atute bwanji sizikuoneka? Ziikeni ndi mtengo wake ngati gawo lathu, ngolo zingati pa mtengo wa ngolo kwathu kuno, aone kuti sitikungotambasula manja.

Achimwene aku Joni: Ine ndili mbali ya a Wapampando, 10 peresenti ndi yochepa kwambiri pa Malawi wathuyu.

Mlembi: Chabwino, mapaipi ndasintha akhala 40, zina ndi zina ndachotsa ndikudikira amakaniko anditumizire mndandanda wa ndodo ndi marabala. Mawa ndiimba kufunsa za mzere wa kukwera mitengo ndi za VAT kusitolo kuja. K230,000 ndaisiya kaye pambali mpaka ayankhe. Koma masiku a maphunziro palibe wandiyankha, ndilembe 2 kapena 3?