Losi yakanirira pa 0.693, maleya 8 a sigimoyidi sakuphunzira

Limbani (Nchalo): Anzanga, ndithandizeni, mutu wandiwira. Ndikupanga modelo yonena ngati madzi a Shire apitirire mulingo wa chenjezo mawa kapena ayi. Ndikuidyetsa mvula ya masiku apitawa ndi mulingo wa mtsinje. Masiku osefukira ndi osasefukira ndawafananiza kuchuluka. Ndi maleya 3 a sigimoyidi imaphunzira ndithu, koma nditawonjezera kufika 8, manyuroni 64 paleya, losi yaima pa 0.693 ngati yakhomedwa ndi msomali. PyTorch, `SGD`, `lr=0.01`. Kodi ya pulogalamuyi ndaiwerenga mzere ndi mzere, palibe cholakwika. Mvula ili pafupi ndipo abwana akufuna zotsatira.

Fatsani: Kwezani `lr`, achimwene. 0.01 ndi yochepa. Ikani 0.5 muone.

Mayi Esinati (Bangula): A Limbani, musanakhudze chilichonse, 0.693 ameneyo ndi ln 2. Ndi losi imene imatuluka modelo ikamayankha 0.5 pa tsiku lililonse, ndiye kuti yanuyo sikuyang'ana n'komwe deta. Mukaitana `backward()` thamangitsani izi mutiuze zomwe zatuluka:

```
for n, p in model.named_parameters():
    if "weight" in n:
        print(n, p.grad.norm().item())
```

Limbani (Nchalo): Nazi zitatu, mayi:

```
2.weight   5e-08
8.weight   2e-05
16.weight  4e-02
```

Eee, kusiyana konseku?

Mayi Esinati (Bangula): Ndi zomwezo. Giradiyenti ikufera m'njira isanafike kumaleya oyamba. Pobwerera mmbuyo, paleya iliyonse imachulukitsidwa ndi zinthu ziwiri: maweiti a leyayo, ndi derivetivu ya sigimoyidi, yomwe ndi `s*(1-s)`. Nambala imeneyi ikakula kwambiri imafika 0.25 basi, ndipo ndi pokhapokha cholowa mu nyuroni chili 0. Chikakhala 2 yatsika kale kufika pafupifupi 0.1, chikakhala 5 ili cha mu 0.007.

Inu muli pa Nchalo, ganizirani ngalande yothirira mzimbe yomwe pageti lililonse imangodutsitsa kota ya madzi. Geti limodzi kapena awiri, kumunda kumafikabe kenakake. Mageti 8, ndiye kuti 0.25 mwaichulukitsa ndi yokha ka 8, kwatsala gawo limodzi mwa 65,536. N'chifukwa chake maleya 3 amakuphunzirirani koma 8 akukana.

Ndipo zanuzo zaposa apo chifukwa cha maweiti. `nn.Linear` mukaisiya momwe ilili imayamba ndi maweiti ang'onoang'ono, omwenso amachepetsa giradiyenti ndi pafupifupi 0.58 paleya. Mukaphatikiza ndi 0.25 ija, leya iliyonse ikulandira gawo limodzi mwa 7 la zomwe inzake yakutsogolo yalandira. Yesani pa manambala anuwo: kuchoka pa `16.weight` kufika pa `8.weight` ndi masitepe 4, ndipo 7 kuichulukitsa ndi yokha ka 4 ndi 2,401. Gawani 0.04 ndi 2,401 muone ngati simupeza cha mu 0.00002.

Fatsani: Ndiye mwavomereza nokha, mayi. Giradiyenti ndi yaing'ono, sitepe ndi `lr` kuchulukitsa giradiyenti, kwezani `lr`. Nkhani yatha.

Mayi Esinati (Bangula): `lr` imachulukitsa maleya onse mofanana, bambo Fatsani. Leya yachiwiri ndi yomaliza zasiyana pafupifupi ka miliyoni. Kuti yachiwiriyo isunthe muyenera kukweza mpaka yomaliza idumphe n'kutaya njira, maweiti ake akule, sigimoyidi zikanirire ku 0 kapena ku 1, ndipo kumeneko derivetivu ndiyo yocheperatu.

Zione (Nsanje): Ine vuto ngati limeneli linandipeza pa deta ya mvula ya nthawi ya Freddy, mu Malichi 2023. Ndinali nditaika mamilimita momwe alili, tsiku lina 0, lina mahandiredi. Leya yoyamba yonse inakhuta, sigimoyidi zake zinakanirira ku 0 kapena ku 1. Nditachotsa avereji n'kugawa ndi `std` zinayenda. A Limbani, mwina vuto lanu ndi lomwelo, si sigimoyidi ayi. Komanso masiku amene choyezera chinakokoloka mwawatani? Ena amalembapo 0 ngati kunalibe mvula, pamene ndi tsiku lomwe kunagwa yambiri. Ine zinandidyera nthawi yambiri zimenezo.

Limbani (Nchalo): Achemwali, deta ndinaikonza kale, avereji 0, `std` 1. Za masiku osowawo mwandikumbutsa, ndikaonanso. Nanga ndingosintha `nn.Sigmoid()` yense akhale `nn.ReLU()`?

Mayi Esinati (Bangula): M'maleya apakati, inde. ReLU ndi `max(0, z)`, derivetivu yake ndi 1 pomwe `z` yaposa 0, ndipo ndi 0 kwinako. Nyuroni yoyaka imadutsitsa giradiyenti yonse osaidula, ndipo mbali imeneyo sikhuta ngakhale `z` ikule bwanji. Koma musaganize kuti mwathana nazo. Poyamba pafupifupi theka la manyuroni limakhala lozima, ndiye mukasiya maweiti aja momwe alili giradiyenti idzachepabe ndi pafupifupi 0.4 paleya. N'kwabwino kuposa gawo limodzi mwa 7, koma pamaleya 8 mudzazimvabe. Yambitsani maweiti mwa njira ya He ndi anzake ya mu 2015, yomwe inapangidwira ReLU kuti ibwezere theka lozimalo:

```
for m in model.modules():
    if isinstance(m, nn.Linear):
        nn.init.kaiming_normal_(m.weight, nonlinearity="relu")
```

Kumapeto musaikeko ReLU. Funso lanu ndi la inde kapena ayi, ndiye siyani leya yomaliza yopanda kanthu mugwiritse `BCEWithLogitsLoss`, sigimoyidi ili kale mkati mwake. Sigimoyidi imodzi kumapeto si vuto, vuto ndi kuzisanjikiza.

Chikondi (Ngabu): Chenjezo pa ReLU. Ine inandifera manyuroni oposa theka nditaika `lr` yaikulu. Sitepe imodzi yamphamvu imakankhira bayasi pansi kwambiri, nyuroniyo n'kumatulutsa 0 pa deta iliyonse. Ikatero giradiyenti yake ndi 0 yeniyeni, sidzukanso. Losi imatsika pang'ono kenako n'kuima, iwe n'kumayesa modelo yafika pomwe ingathe. Muziwerenga manyuroni amene akutulutsa 0 pa bachi yonse. Akachuluka tsitsani `lr`, kapena ikani `nn.LeakyReLU()`, yomwe kumbali yozimayo imasiya kampata ka 0.01. Ndiye malangizo a a Fatsani ndi ReLU musawaphatikize, chonde.

Fatsani: Ine netiweki yanga ya sigimoyidi inaphunzira nditakweza `lr`. Ndinaona ndi maso angawa.

Chikondi (Ngabu): Maleya angati, akulu? Ndipo munali pa `SGD`?

Fatsani: 4. Ndinagwiritsa `Adam`.

Chikondi (Ngabu): Basi ndi zimenezo. `Adam` amagawa sitepe ya weiti iliyonse ndi kukula kwa giradiyenti yake yomwe, ndiye leya ya giradiyenti yaing'ono imasunthabe. Amabisa matendawo pang'ono. Koma maleya 4 si 8, ndipo 5e-08 ya a Limbani yayandikira kale `eps` ya `Adam`, yomwe ndi 1e-08.

Zione (Nsanje): Nanga `tanh`? Derivetivu yake pakati imafika 1, si 0.25.

Mayi Esinati (Bangula): Ndi yabwinoko, makamaka ndi maweiti a `xavier`, a Glorot ndi Bengio a mu 2010. Koma imakhuta mbali zonse ziwiri, `z` ikatalikira 0 mwabwerera pomwe paja. Ine chomwe chikundivuta ndi china. A Limbani, maleya 8 mukuwafuniranji? Deta ya tsiku ndi tsiku ngakhale ya zaka 20 ndi mizere cha mu 7,300, ndipo kusefukira kwakukulu ngati kwa 2015, 2019, 2022 ndi 2023 n'kowerengeka. Mukachiza giradiyenti, netiweki yakuya chonchi ingoloweza masiku amenewo pamtima. Masiku osefukirawo munawachulukitsa musanagawe deta yoyesera kapena mutagawa kale?

Fatsani: Komabe ayese 0.5 kaye, sizilipiritsa.

Zione (Nsanje): Pa nkhani ya deta yomweyi, alipo amene ali ndi miyezo ya Ruo? Pa Chiromo Ruo akadzaza amabweza madzi a Shire, ndiye mvula ya kuno kuchigwa yokha sikuuzani zambiri, imene ikufunika ndi ya ku Mulanje.