Za uja amandionetsa ngati mnzake

Funso langa lija linali lakuti: “Chibwenzi changa chimandionetsa kwa anthu kuti ‘uyu ndi mnzanga’ basi. Kodi zikutanthauzanji?”

Ndinamufunsa tili awiri. Anati sanganene kuti ndine bwenzi lake pamaso pa akuluakulu amalume ake asanakaonekere kwathu, chifukwa kuno ku Mangochi kutero kumaoneka ngati kupeputsa ankhoswe, ndipo ngati zinthu zitasokonekera wochita manyazi kwambiri ndi mkazi. Chifukwachi nchomveka, koma malire ake ndi akuluakulu omwewo, choncho ndinayamba kuyang'ana zomwe amachita iwo akakhala palibe.

Paukwati wina ku Mpondasi anauza azakhali ake kuti ndine mnzake, komabe anakhala nane pafupi, nanditengera mbale ya mpunga, ndipo mlongo wake ananditchula kuti alamu ndisanatsegule pakamwa, kusonyeza kuti kunyumba dzina langa limatchulidwa. Akanati abise ngakhale kwa anzake amsinkhu wake, kapena azemba pojambulitsa zithunzi, ndikanaganiza kuti pali mkazi wina kapena kuti mtima sanautsimikize.

Ndamupempha kuti atchule mwezi umene amalume ake adzapite kwathu, ndipo watchula Ogasiti, anthu atatha kukolola.