Ndithandizeni pa imelo yopempha kusintha kabwezedwe ka ngongole

Abale ndi alongo, ndinatenga ngongole ya K1,200,000 kubungwe lina lobwereketsa ndalama yoti ndiyambire bizinesi ya nkhuku zanyama, ndipo ndimabweza K130,000 mwezi uliwonse. Ndabweza miyezi 5 osaphonya, yatsala 7. Mwezi wathawu chitopa chinalowa m'khola n'kupha nkhuku zambiri, moti ya mwezi wamawa sindikwanitsa yonse. Ndikufuna kuwalembera tsiku lisanakwane, chifukwa likangodutsa amawonjezera chindapusa.

Pakati pa imeloyo ndalemba chonchi: “Ndikupempha kuti kwa miyezi 3 ndizibweza K60,000 pamwezi. Anapiye atsopano ndaika kale m'khola lomwe ndapopera mankhwala, ndipo ndiyamba kugulitsa pakatha masabata 6. Mwezi wachinayi ndibwerera pa K130,000. K210,000 yotsalirayo ndidzabweza m'miyezi 2 yowonjezera kumapeto, pamodzi ndi chiwongoladzanja chomwe mungawerengere.”

Pamwamba ndaika nambala ya ngongole, ndaphatikizanso kalata ya alangizi a ziweto ndi malisiti a anapiye.

Chomwe chikundizunguza ndi ichi: ndinene kuti ndili ndi kangongole kenanso kubanki m'khonde? Mlamu wanga akuti ndisatchule, koma ine ndikuona kuti akadzamva kwa ena adzasiya kundikhulupirira. Nanga inu amene munapemphapo zotere, akavomera pafoni mumawauza kuti akupatseni ndondomeko yatsopanoyo yolembedwa ndi kusainidwa? Chikole changa ndi firiji ndi njinga yamoto, ndiye sindikufuna kudalira mawu apakamwa.