Kotesheni ya vidiyo ya ku Ngabu ndi Makhanga: ndilembemo chiyani mu imelo?

Esinta: Akuluakulu, ndithandizeni. Bungwe lina la ku Blantyre likufuna ndilijambulire vidiyo ndi zithunzi za alimi a mapira ndi chitowe amene limagwira nawo ntchito, gulu lina ku Ngabu, lina tsidya la Shire ku Makhanga. Ndi kasitomala watsopano. Ati kotesheni ifike pa imelo pofika Lachisanu. Ndalemba chonchi: "Ndidzajambula vidiyo ndi zithunzi za pulojekiti yanu pa mtengo wa K600,000. Malipiro ntchito ikatha." Zikukwana, kapena pakuperewera?

Zuze: Achemwali, musatumize kaye. Mawu akuti "vidiyo ndi zithunzi za pulojekiti yanu" alibe malire. Inu mukuganiza vidiyo imodzi ya mphindi zisanu, iwo mwina akuganiza imeneyo, kuphatikiza tina tifupitifupi ta pa Facebook, kuphatikizanso zonse zomwe kamera idzatole. Ndiye "ntchito ikatha" wotsimikiza kuti yatha ndani? Mmene mwalemberamu ndi iwo, ndipo kwa iwo ntchito siitha ngati bwana wawo sanaione. Chilichonse chomwe mudzapereke chikhale ndi nambala: mavidiyo angati, otalika bwanji, zithunzi zingati, masiku ojambula angati, kumalo ati. Funso lina, alimiwo azidzayankhula Chisena kapena Chimang'anja. Mawu a Chingerezi oyenda m'munsi mwa vidiyo adzamasulira ndani? Imeneyo ndi ntchito payokha, ikhale ndi mtengo wake.

Esinta: Anangonena pa foni kuti "kavidiyo kakafupi". Zomasulira sitinakambirane, koma ndikuona ngati zigwera ine.

Zuze: Ndiye imelo iyambe ndi kubwereza zomwe munamva pa foniyo, muike manambala anu, iwo atsutse ngati akuona mosiyana. Kutsutsana Lachisanu lino n'kotchipa kuposa kutsutsana mutajambula kale.

Mavuto: Ine ndikuona ngati vuto ndi kukula kwa fayilo. Vidiyo siidutsa pa imelo, muike pa Google Drive mutumize linki. Komanso ngati mukufuna dironi ndili nayo, ndili pa Dyeratu pompano.

Esinta: Ayi achimwene, vidiyoyo sindinajambule. Pano ndi kalata ya mtengo chabe.

Mayi Alufandika: Ine ndilankhulepo za ndalama, poti ndimasunga mabuku a timabungwe ting'onoting'ono. Mwana wanga Esinta, K600,000 imeneyo ndi yomwe ukufuna ilowe mu akaunti yako, kapena yomwe ilembedwe pa invoisi? Si chinthu chimodzi. Bungwe lolembetsedwa likamalipira munthu wogwira ntchito payekha limadula msonkho lisanapereke ndalama, n'kukaupereka ku MRA. Pa ntchito ngati yakoyi kawirikawiri ndi 20 peresenti, pokhapokha uli ndi satifiketi ya MRA yoti usadulidwe. Ukalemba K600,000 ulandira K480,000, ndipo a maakaunti sadzakhala atalakwa chilichonse.

Mavuto: Ndiye n'zosavuta, awonjezere 20 peresenti pamwamba. K720,000, basi.

Mayi Alufandika: Maganizo ndi omwewo koma samuyo yaphonya, bambo. Iwo adzadula 20 peresenti ya K720,000, yomwe ndi K144,000, patsala K576,000. Kuti m'manja mutsale K600,000 umagawa ndi 0.8, ndipo yankho ndi K750,000. Yesani: 20 peresenti ya K750,000 ndi K150,000, chotsala K600,000. Koma Esinta afunse kaye a maakaunti a bungwelo kuti amadula zingati, asanamange mtengo. Mu imelomo aikenso TPIN yake, nambala yake ya msonkho ya ku MRA, ndi kupempha satifiketi ya msonkho wodulidwawo. Pepala limenelo ndi umboni woti msonkhowo unaperekedwa m'dzina lake, ndipo limachepetsa zomwe adzalipire powerengera msonkho wa pachaka. Mabungwe ena satumiza ngati sunawakumbutse.

Zuze: Mayi, apa ndisiyana nanu pang'ono. Popeza ndalamayo siinatayike, imadzawerengedwa kumapeto kwa chaka, kuikweza yonse pa kasitomala kungapangitse kotesheni ya Esinta kukwera kuposa za anzake. Mabungwe ambiri amatolera makotesheni atatu n'kufananitsa.

Mayi Alufandika: Zoona, koma mafuta a njinga yamoto sagulidwa ndi satifiketi. Asankhe yekha, bola adziwe ndalama yomwe ilowe. Cholakwika ndi kulemba mu imelo kuti "ndawonjezera msonkho". Amangolemba mitengo yake, kenako mzere umodzi wonena kuti mitengoyi ndi msonkho usanadulidwe. Ndipo ngati sanalembetse VAT asaikepo VAT.

Zuze: Chabwino. Achemwali, nayi imelo yonse mmene ndingailembere, pa manambala a Mayi. Mukaisandutsa Chingerezi musachotse manambala.

"Mutu: Kotesheni ya vidiyo ndi zithunzi, Ngabu ndi Makhanga

Zikomo chifukwa cha foni ya Lachiwiri. Malinga ndi zomwe tinakambirana, ndidzapereka vidiyo imodzi yosapitirira mphindi 5, ya MP4, yokhala ndi mawu a Chingerezi m'munsi, ndi zithunzi 40 zokonzedwa za JPEG. Kujambula ndi masiku awiri, limodzi ku Ngabu, lina ku Makhanga, ndipo ndidzacheza ndi alimi osapitirira 6.

Mtengo: kujambula K150,000 pa tsiku, masiku awiri K300,000, kudula ndi kulumikiza vidiyo komanso kukonza zithunzi K325,000, kumasulira ndi kuika mawu m'munsi K125,000. Zonse K750,000, msonkho usanadulidwe.

Mtengowu sukuphatikiza mayendedwe, malo ogona, dironi, mavidiyo ena aafupi, kapena zonse zosadula zochokera mu kamera. Kusankha alimi, kudziwitsa mafumu ndi kusainitsa mafomu a chilolezo chojambulidwa ndi udindo wa bungwe lanu.

Vidiyo yoyamba yoti muione idzafika pasanathe masiku 10 ogwira ntchito kuchokera tsiku lomaliza kujambula. Mutha kupempha zosintha kawiri, ulendo uliwonse ndemanga zonse zibwere mu imelo imodzi kuchokera kwa munthu mmodzi. Kusintha kwachitatu ndi K40,000. Pakadutsa masiku 5 ogwira ntchito popanda ndemanga, nditenga kuti mwaivomereza ndipo nditumiza invoisi.

Malipiro: theka, K375,000, lisanafike tsiku lojambula, theka linalo pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku la invoisi. Kotesheniyi igwira ntchito masiku 14. Ngati mwagwirizana nazo, yankhani imelo ino kuti mwavomereza ndipo munditumizire LPO, chikalata chanu choitanitsira ntchitoyi."

Pansi pake dzina, TPIN, banki ndi nambala ya akaunti. Zomwezi muziikenso pa PDF ya tsamba limodzi yokhala ndi deti ndi nambala ya kotesheni, chifukwa a maakaunti amafaila pepala, osati macheza a pa imelo.

Fatsani: Akulu a Zuze, imeloyo ili bwino koma mwaiwala kuti kuno ndi kuchigwa. Makhanga si malo oti munthu n'kulonjeza tsiku mosakaika. Kuchokera ku Bangula n'kuwoloka pa bwato pa Mtayamoyo, apo ayi n'kuzungulira pa Thabwa kutsika ndi msewu wa tsidyalo, ndipo mvula ikagwa kumtunda mitsinje imadzaza ngakhale kuno kuli ng'aa. Tonse tikukumbukira mmene Freddy anadulira misewu mu Malichi 2023. Pafunika ndime ya tsiku lolephereka. Ine ndingagawe pawiri. Likalephereka chifukwa cha madzi kapena msewu, tsiku lisunthidwe popanda chindapusa, koma zoyendera zomwe zawonongeka kale abweze. Likalephereka chifukwa cha iwo, monga galimoto yawo sinabwere, alimi sanauzidwe, kapena asintha tsiku kutatsala maola osakwana 48, alipire theka la mtengo wa tsikulo, K75,000. Maliro pamudzi ndimawaika mgulu loyamba, palibe amene amawakonzekera.

China ndi nthawi. Lembani kuti kujambula kuyamba 6 koloko m'mawa. Mukangosiya, a ofesi adzanyamuka ku Blantyre 8 koloko, kufika ku Ngabu dzuwa lili paliwombo. Nkhope zimatuluka ndi mithunzi yakuda m'maso, alimi abalalika kukafuna mthunzi, ndipo kamera zina zimazima zokha zikatentha.

Esinta: Zimenezo ndaziika. Koma dipoziti ikundiopsa. Kasitomala woyamba kumene, sanena kuti ndikuwakaikira?

Mayi Alufandika: Kupempha sikulakwa, koma konzekera kukanidwa. Mabungwe ena malamulo awo salola kulipira ntchito yomwe sinaoneke. Akakana, usangoti chabwino. Pempha zinthu ziwiri. Choyamba LPO yosainidwa usananyamule kamera. Amene wakuimbira foniyo nthawi zambiri ndi wa pulojekiti, alibe mphamvu yotulutsa ndalama, ndipo invoisi yopanda nambala ya LPO imakhala pa tebulo miyezi. Chachiwiri, gawa malipiro potsata zomwe wapereka: K300,000 ukangomaliza kujambula n'kupereka zithunzi 40, K450,000 vidiyo ikavomerezedwa. Apo sakulipira mphepo, ndipo iwenso sukuyenda mwezi wathunthu ndi ndalama zako. Funsanso dzina ndi udindo wa munthu wolandira invoisi, umuike pa `Cc` kuyambira imelo yoyambayi.

Mavuto: Nanga bwanji angolandirira pa Airtel Money kapena Mpamba? Ine zikwangwani zanga ndimalandirira pomwepo, sindidikira.

Fatsani: Za mayendedwe zokha zingadutse pamenepo. K375,000 potapa amadulapo, komanso maejenti a m'misika ing'onoing'ono sakhala ndi ndalama yochuluka chotero nthawi imodzi. Ku banki kumatsala umboni woyera. Dzina la pa akaunti lifanane ndi la pa kotesheni ndi pa TPIN, zikasiyana a maakaunti amabweza mapepala.

Esinta: Masiku 14 a kotesheni sachepa? Akuti komiti yawo imakumana kamodzi pa mwezi.

Zuze: Ikani 30 pa ntchito ya manja anu, koma mayendedwe musawamangirire. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, ndipo amene anali ndi makotesheni aatali anagwira ntchito pa mtengo wakale, mafuta akugula pa watsopano. Lembani kuti bungwe lipereke galimoto, apo ayi libweze ndalama za minibasi, kabaza ndi bwato malinga ndi mtengo wa tsikulo. A bwato ndi a kabaza sapereka malisiti, choncho tengani kabuku ka malisiti kanu, azisainamo ndi kulemba nambala ya foni. Ndipo vidiyo yoyamba ija itumizidwe ili ndi dzina lanu lolembedwa pakati mozimiririka, yoyera ipite ndalama yomaliza italowa.

Mayi Alufandika: Chomalizacho mabungwe ambiri sangavomere, bambo. Iwo amalipira atalandira chinthu chomalizidwa, ndipo fomu yolandirira katundu ndi imene imatsegula malipiro. Ukagwira vidiyo, iwonso agwira ndalama.

Zuze: Ndiye alembe kuti ufulu woigwiritsa ntchito uyamba malipiro onse akatha. Vidiyo apereke, koma isaulutsidwe asanalipire.

Fatsani: Akaiulutsa ndiye mutani, akulu? Mukawasumira pa K450,000?

Esinta: Ndaika mzere wa a Zuze, wa dzina pakati ndausiya pa vidiyo yoyamba yokha. Ndawaimbiranso, atsimikiza kuti amadula 20 peresenti, ndipo za dipoziti ati afunsa kaye abwana. Mayi, ndalama za bwato ndi kabaza ndiziike pa invoisi yomweyo kapena payokha? Ndikuopa zingadulidwenso msonkho.

Mayi Alufandika: Payokha, ndi malisiti ake kumbuyo, ulembe kuti ndi zobweza. Zikasakanikirana pa invoisi imodzi ambiri amangodula pa chiwerengero chonse. Ngakhale utapatula, ena amadulabe, choncho ukawaimbira za dipoziti ufunsiretu zimenezi, yankho lake akulembere pa imelo.