Nalokisoni: tisonkhe ndalama tigule, kapena n'kutaya ndalama?

Nabanda: Abale a kuno ku Joni, thandizeni maganizo. Mwana wa achemwali anga amasuta nyaope ku Hillbrow. Ena akuti ndigule nalokisoni, jakisoni wotsitsimutsa munthu amene wakomoka ndi nyaope, azikhala m'nyumba, ena akuti n'zachabe chifukwa munthu amadzuka kenako n'kukomokanso. Zoona ndi ziti?

Mai Phiri, namwino: Zonse ziwiri n'zoona, achemwali, koma gulani. Mu nyaope muli heroini. Ikafika mu ubongo imakakamira pa timalo tina ta m'mitsempha, makamaka mbali imene imayendetsa kupuma. Munthu amapuma pang'onopang'ono mpaka kusiyiratu, ndipo chomupha n'kusowa mpweya. Nalokisoni amagwira timalo tomweto mwamphamvu kuposa heroini, ndiye amaichotsapo n'kukhalapo yekha, koma iye safooketsa kupuma. Zili ngati kuchotsa munthu pampando mu minibasi osamutsitsa: akadali momwemo, akudikira kuti mpando upezekenso.

Chikondi wa ku Yeoville: Ndiye kuti amatsuka magazi eti? Ine ndimamva kuti jakisoni mmodzi basi, poizoni yense watha.

Mai Phiri, namwino: Ayi, satsuka kanthu. Chiwindi chimagaya nalokisoni msanga: pakatha pafupifupi ola limodzi theka lake latha, ndipo mphamvu yake imakhala mphindi 30 mpaka 90. Heroini thupi limaisandutsa mofini, ndipo kuti mofini atsike kufika theka pamafunika maola awiri kapena atatu. Tiyerekeze mnyamata wagwa 9 koloko usiku, mwamubaya, patatha mphindi zitatu watsegula maso. Pofika 10 koloko nalokisoni wachepa, mofini akadali wambiri. Akanena kuti "ndili bwino, ndigone", n'kumutsekera chitseko, mungamupeze m'mawa atazizira.

Bambo Gondwe: Tisaopsezane kwambiri. Ambiri amene anagwa ndi heroini yokha akadzutsidwa sabwereranso. Zobwerera zimachitika ndi metadoni, mankhwala amene amapatsa anthu ofuna kusiya heroini.

Mai Phiri, namwino: Pa metadoni simukunama bambo, ameneyo amatha tsiku lathunthu kapena kupitirira asanatsike theka, moti kuchipatala nthawi zina timaika nalokisoni mu diripi. Chimodzimodzi mapiritsi a mofini osungunuka pang'onopang'ono. Koma inu muli m'nyumba mudziwa bwanji zimene zinali m'kapepalako, kapena ngati anamweranso mowa ndi mapiritsi ogonetsa? Nalokisoni sakhudza mowa, mapiritsi ogonetsa ngakhale mankhwala ozunguza bongo otchedwa tiki.

Nabanda: Nanga ndidziwa bwanji kuti si tulo wamba?

Yusufu wa ku Mayfair: Muitaneni mokweza, mupekeseni pafupa la pachifuwa ndi chibakera. Wogona amadzuka. Ngati sakudzuka, onani kupuma: kosakwana ka 12 pa mphindi, kapena nkonono wachilendo ngati akutsamwa. Kadontho kakuda ka m'diso kamachepa kwambiri, milomo ndi zikhadabo zimatuwa. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177, musayambe n'kumuthira madzi kapena kumumwetsa mkaka. Kabotolo kamodzi ka nalokisoni kamakhala ndi mamiligalamu 0.4 mu mililita imodzi. Kokani onse mu sirinji, bayani panja pa ntchafu, ngakhale pamwamba pa buluku. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu osasintha, bayani kena. Podikirapo muweramitsire mutu kumbuyo, mutsineni mphuno, muzimupumira m'kamwa kamodzi pa masekondi asanu alionse. Akayamba kupuma yekha mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi. Kugula kabotolo kamodzi kokha ndiye kutaya ndalama kwenikweniko; khalani ndi tiwiri kapena titatu, ndi masirinji ake.

Chikondi wa ku Yeoville: Koma akuti amadzuka ali wolusa. Si kumuwonjezera mavuto kumeneko?

Mai Phiri, namwino: Ena amaterodi. Thupi lozolowera likalandidwa mankhwala mwadzidzidzi limabwera ndi thukuta, kusanza, m'mimba kupotokola ndi kunjenjemera. Apa ndi pomwe pali ngozi, chifukwa ena amathamangira kukasuta kuti ululu uthe. Nalokisoni akadalimo samva kanthu, ndiye amawonjezera. Nalokisoni akatha mphamvu, zakale ndi zatsopano zimamugwera pamodzi. Muuzeni modekha kuti zowawazo zichepa pakatha ola limodzi kapena awiri, ndipo musamusiye yekha ngakhale akane ambulansi.

Bambo Gondwe: Langa vuto ndi lina. Kufamase amafuna kalata ya dokotala, ndipo mnyamatayo sasutira kwa azakhali ake. Mankhwala ali m'kabati ku Rosettenville, iye wagwa ku Hillbrow, apindula chiyani?

Yusufu wa ku Mayfair: Pamenepo mwalasa. Munthu wokomoka sadzibaya yekha, ndiye oyenera kusunga ndi amene amakhala naye nthawi yosutayo. Kambiranani ndi a kukiliniki kapena magulu ogawa masingano oyera mumzindamu.

Nabanda: Anzake omwewo ndiwapatse jakisoni? Sakagulitsa?

Yusufu wa ku Mayfair: Nalokisoni saledzeretsa, ndiye wosuta alibe naye phindu. Koma zoti adzakhala maola awiri akumuyang'anira atadzuka, zimenezo mukuwadziwa ndinu.