Thandizeni, chithunzi ndatumiza koma sipeya abweretsa ina

Make Tada: Anthu a pagulu muli bwa? Dipu filiza yanga yomwe ndimaumitsira mafilizesi yasiya kuzizira, imangoti hmmm kenako "ke!" n'kukhala chete, pakapita timphindi iyambanso zomwezo. Amisiri anachotsa kachinthu kakuda kamene kamalowa pambali pa kompuresa, akuti rilei, ukakagwedeza kakulira ngati muli timiyala. Kuno ku Balaka asowa, ndiye ndinakajambula n'kutumizira achimwene ku Limbe pa Watsapu, agula atumiza pa minibasi koma kabwerako kali ndi mwendo umodzi pomwe kanga kali ndi itatu, ndipo pa kabwerako palembedwa QP2-4.7. Amisiri akana kuika. Ndilakwitsa pati kodi?

Wa ku Area 25: Imeneyo ndi gasi watha mayi, musataye ndalama ndi tizinthu timeneto, itanani odzaza gasi basi.

Fundi wa pa Ndirande: Ayi achimwene, gasi akatha kompuresa imazungulira ndithu kungoti mkati simuzizira. Iyi ikulephera kudzuka, ndipo "ke!" akumvekayo ndi ovalodi ikudula magetsi ikatentha. Mayi, amisiri anuwo achita bwino kukana. Vuto la chithunzi ndi lakuti marilei amafanana nkhope, onse akuda, onse timabowo tiwiri tolowa pa kompuresa, ndiye wogulitsa akaona pa foni amangotola kali pafupi. Chofunika ndi zolembedwa pathupi pake. Nambala yakumapetoyo ndi maomu a kambale kamene kali mkatimo, komwe kwa inu kasweka n'chifukwa chake kakulira. Ya 4.7 kawirikawiri imakhala ya mafiliji a magetsi a 110, ife athu kuno ndi 230, timaona kwambiri 12, 15, 22 kapena 33. Kanu kalembedwa chiyani?

Make Tada: Eee ine ndinajambula mbali ya miyendo yokha, sindinadziwe kuti kuli zolemba. Ndaona pano, pali QP2-1 kenako padapsa, sipakuwerengeka.

Fundi wa pa Ndirande: Ndiye ndi 12 kapena 15. Zilembozo ndi zotukuka pa pulasitiki, mukajambula ndi fulashi zimafufutika. Zimitsani fulashi, pakani choko kapena kaufa pang'ono n'kupukuta ndi chala, wina aunike ndi tochi chammbali, nthawi zambiri nambala imatuluka. Ikakana pitani kumbuyo kwa filiji mujambule sitika ya pa kompuresa penipenipo, osati dzina la pachitseko ayi, chifukwa filiji za dzina limodzi zimatha kukhala ndi makompuresa osiyana, makamaka zakaunjika zomwe zinakonzedwapo kale. Wogulitsa wodziwa ntchito akaona modelo ya kompuresa adziwa rilei yake. Mutumize zithunzi zitatu: zolembazo, mbali ya timabowo, ndi mbali ya miyendo mutaika rula pambali.

Mjoni: Inu a Fundi musawaopseze mayiwa, kuno ku Joni ndimangogula ya 22 ya miyendo inayi, ndaika pa mafiliji atatu onse akuyenda mpaka lero, mwendo wotsala umangousiya.

Fundi wa pa Ndirande: Za miyendo mukunena zoona, yochuluka siivuta bola udziwe waya uti upita pati, koma yochepa ndiye imavuta, ngati pali kapasita waya wake ulumikiza kuti pa mwendo umodzi? Za 22 m'malo mwa 15 zimatheka kudzuka inde, koma magetsi akakhala ofooka madzulo muja ndi pamene imavutika kudzuka. Ine pa filiji ya kasitomala sindiika.

Mjoni: Zanga sizinavutepo, kaya.

Nachisale: Ine zinandionekera pa bulenda, kamphira kozungulitsa kaja ndinagula poona chithunzi, mano ofanana bwinobwino koma mazinga ake omangira kumanzere. Pano ndimanyamula chakufacho m'chikwama kupita nacho kusitolo. Mutumizeni kakaleko pa minibasi yomweyo akafananize pamaso.

Fundi wa pa Ndirande: Nzeru imeneyo, koma muyambe mwajambula kaye kuopa kusowa panjira. China musanagulenso, amisiriwo azule pulagi ayeze mapini atatu a kompuresa ndi mita, awiriawiri. Manambala ang'ono awiri akaphatikizidwa apereke lalikulu lija, mwachitsanzo 15 ndi 25 kupereka 40, ndipo pini iliyonse isawerenge kanthu ndi chitsulo cha kompuresa. Zikapanda kutero rilei yatsopano siithandiza.

Make Tada: Choko chagwira ntchito, ndi 15! Koma mawaya ndiye sitinajambule asanazule, amisiri akuti akukumbuka awiri, wachitatu wabuluu akukayika. Mita akuti abwereka mawa.

Fundi wa pa Ndirande: Onani kumbuyo kwa filiji kapena mkati mwa kachivindikiro ka rilei, ena amamata chojambula cha mawaya pamenepo. Mukachipeza tumizani pano, wabuluuyo asamulumikize mongoganizira.