Mwana wasiya kutsegula m'mimba koma potaziyamu watsika, ndithandizeni

Abale azachipatala muli muno ndithandizeniko. Mwana wanga wazaka 2 anatsegula m'mimba koopsa mpaka anamuika dilipi, pano kwasiya, akuyamwa ndithu koma ndi wofooka, miyendo lendee ndipo mimba yatupa ngati muli mpweya. Magazi ayeza dzulo papepala alemba Na 128 ndi K 2.9 mmol/L, adokotala akuti zonse zatsika, makamaka potaziyamuyo poti amayenera kuyambira 3.5. Sodiyamuyo ndikukayikira madzi, agogo ake amangomumwetsa madzi wamba kuti Thanzi ORS akumulavula. Tikadali ku wodi, ndiye ndifunse, ORS ndi nthochi zingakweze 2.9 kapena mpaka mankhwala? Nanga ayezenso liti magazi tisanatuluke?